Mtedza wa ku Mchinji, mtengo wa ku Joni: kawerengedwe ka mtengo wa katundu wopita kunja

Pa msika wa ku Kamwendo kapena kwa Mkanda, kuika mtengo si nkhani yovuta. Wagula ndowa ya mtedza pa mtengo wakuti, waonjezapo pang'ono, wagulitsa tsiku lomwelo, ndalama ili m'thumba dzuwa lisanalowe. Koma mtedza womwewo ukati udutse malire, zinthu zimasintha. Mumagula ndi makwacha mu Juni, mumatchula mtengo wa madola mu Julayi, ndipo ndalama imadzafika ku banki mu Seputembala. Pakati pa miyezi imeneyi pali mpata waukulu womwe phindu limatha kugweramo mwini wake osadziwa.

Tiyeni titsatire thiraki imodzi ya matani 30 a mtedza wosenda wa CG7, yochoka ku Lilongwe kupita kwa wogula wa ku Johannesburg. Tiyerekeze kuti mwini katunduyu ndi mayi amene wakhala akugula mbewu m'midzi ya ku Mchinji kwa zaka zingapo, ndipo aka n'koyamba kuti agulitse yekha kunja. Mitengo ndi mareti a m'chitsanzochi ndi zongoyerekeza, zosankhidwa kuti masamu ayende mosavuta. Inu mudzaikapo zanu, koma njira yake ndi yomweyi.

Kilo ya K1,300 imene yasanduka ya K1,700

Cholakwa choyamba chimachitikira pa sikelo. Mayiyu akugula kilo pa K1,300, ndiye m'mutu mwake mtedza wake ndi wa K1,300. Koma lowani m'shedi muone zimene zikuchitika. Amayi akhala pansi, miyendo atatambasula, malichero ali pa miyendo. Dzanja likuyenda mofulumira, likutaya kumbali timiyala, zikhokhombe, mtedza wosweka, wofwinyata ndi wachuku. Wachukuwo ndiye mdani wamkulu, chifukwa chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni amene mayiko ogula amayeza mosanyengerera, ndipo akapitirira mlingo amakana katundu yense. Komanso mtedza wina umabwera wachinyontho, poti ena amauwaza madzi kuti usendeke msanga, ndiye ukauma umapepuka. Pofika madzulo, thumba limene linalemera makilogalamu 55 pogula latsala ndi 50 oyenera kupita kunja.

Choncho kuti akwanitse makilogalamu 30,000 osankhidwa bwino, ayenera kugula 33,000. Pa K1,300, ndalama yogulira yokha ndi K42,900,000. Pamwamba pake pali galimoto zotuta m'midzi ndi malipiro a anyamata ogula, K1,500,000. Amayi osankha atenga K1,320,000, matumba atsopano 600 atenga K480,000, ndipo lendi ya shedi, mankhwala ophera tizilombo ndi olongedza atenga K900,000. Mapepala nawo ali ndi mtengo wake: kuyezetsa chuku, setifiketi ya ku unduna wa zamalimidwe yotsimikizira kuti mbewu ilibe matenda, setifiketi yoonetsa kuti katundu ndi wa dziko la m'chigawo cha SADC, ndi ejenti wokonza za MRA pa chipata. Tiike K600,000. Zonse pamodzi zafika K47,700,000.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala chifukwa sichibwera ndi lisiti: nthawi. Ndalama imeneyi igona miyezi itatu isanabwerere. Ngati ndi ngongole ya ku banki ya chiwongola dzanja cha 28 peresenti pa chaka, miyezi itatu idya pafupifupi K3,300,000. Ngakhale mpamba utakhala wanuwanu, werengerani ndithu, chifukwa ndalamayo ikanazungulira kwina. Tikaphatikiza, zolipira za m'makwacha zakwana K51,000,000. Gawani ndi makilogalamu 30,000, mupeza kuti kilo ija ya K1,300 tsopano ndi ya K1,700, ndipo thiraki sinayambe n'kulira komwe.

Mabokosi awiri

Zolipira zina sizili m'makwacha. Mwini thiraki yopita ku Joni watchula madola 3,600, inshuwalansi ya katundu ndi madola 200, ndipo mabanki a mbali zonse adula pafupifupi 200 potumiza ndalama. Zonse ndi madola 4,000. Izi zisungeni m'bokosi lawolawo, osazisakaniza ndi za makwacha, chifukwa reti ikasuntha mabokosi awiriwa sagwedezeka mofanana. Madola 4,000 akhalabe madola 4,000 kaya kwacha yagwa kapena yakwera. Bokosi la makwacha ndi limene limakula kapena kuchepa mukaliona ndi maso a dola.

Kuti bokosi lachiwirili likhale lanu kapena la wogula zimatengera pamene mwagwirizana kuti katundu aperekedwe. Pa malonda a pakati pa mayiko pali zilembo zitatuzitatu zimene zimalembedwa pambali pa mtengo. Mukalemba `FCA Lilongwe`, ndiye kuti inu mukonza mapepala otulutsira katundu n'kumupereka kwa thiraki ya wogula ku Lilongwe, ndipo ulendo wonse ndi wake. Mukalemba `DAP Johannesburg`, ndiye kuti thiraki ndi zovuta za panjira ndi zanu mpaka katundu afike pa malo amene mwatchula. Mtengo wopanda zilembo zimenezi ndi mkangano umene ukungodikira tsiku lake. Mayi wathuyu wagwirizana zokapereka ku Johannesburg, choncho madola 4,000 aja ndi ake.

Reti iti?

Tsopano K51,000,000 ija isanduke madola. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna, chifukwa mu Malawi dola ili ndi mitengo ingapo tsiku limodzi. Pa bolodi la ku banki pali manambala awiri: umene banki imagulira dola kwa inu, ndi wina wokwererapo umene imagulitsira. Kunja kwa banki kuli mtengo wa pamsewu, umene kawirikawiri umakhala wokwera kwambiri. Funso loti muzidzifunsa ndi limodzi: madola a wogulayu akafika, ndidzapatsidwa makwacha angati pa dola iliyonse?

Yankho lake ndi mtengo umene banki imagulira. Katundu wotuluka mwalamulo amalembedwa pa fomu ya CD1 kudzera ku banki yanu, ndipo ndalama yake imayenera kubwera kudzera m'banki momwemo m'masiku oikika. Mu 2021 banki yaikulu ya Reserve inalamula kuti 30 peresenti ya madola ochokera ku malonda akunja azigulitsidwa pa reti yovomerezeka. Malamulo otere amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho musanatumize kotesheni funsani banki yanu gawo limene likugwira ntchito panopa.

Tinene kuti banki ikugula dola pa K1,700 ndipo ikugulitsa pa K1,750. Mayiyu agawa K51,000,000 ndi 1,700, apeza madola 30,000. Akaonjeza 4,000 a bokosi lina, katundu wake wamudyera madola 34,000, omwe ndi pafupifupi madola 1,133 pa tani.

Onani zimene zikanachitika akanamvera mnzake amene anamunong'oneza kuti pamsewu dola ili pa K3,000. Akanapeza madola 17,000 okha, kuphatikiza 4,000 n'kukhala 21,000. Akanagulitsa mosangalala pa 25,000, akuganiza kuti wapha makwacha. Ndalama itafika, n'kuchotsa za thiraki, madola 21,000 otsalawo banki ikanamupatsa K35,700,000, pamene iye anawononga K51,000,000. Thiraki imodzi yokha ikanamulanda K15,300,000.

Kusiyana kwa manambala awiri a pa bolodi kuja nako kumaluma. Ngati mwini thiraki akufuna ndalama yake wogula asanalipire, mayiyu agula madola 4,000 pa K1,750, zomwe ndi K7,000,000. Kuti adzabweze K7,000,000 imeneyo pa reti ya K1,700, afunika madola 4,118. Amene ali ndi akaunti ya ndalama zakunja ndipo akulipira thiraki kuchokera m'madola ake omwe, 118 imeneyo saitaya.

Phindu: kuchulukitsa kapena kugawa?

Mayiyu akufuna phindu la 15 peresenti. Ambirife timatenga madola 34,000 n'kuonjezapo 15 peresenti, tipeza 39,100. Phindu lake ndi 5,100. Koma 5,100 pa ndalama yonse ya 39,100 ndi 13 peresenti yokha. Ngati mukufuna kuti pa madola 100 aliwonse olowa, 15 akhale anu, ndiye kuti zolipira ziyenera kukhala 85 pa 100, ndipo masamu ake ndi ogawa: 34,000 kugawa ndi 0.85 ndi madola 40,000. Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi madola 900 pa thiraki imodzi.

Si kuti njira yoyambayo ndi tchimo, bola mudziwe chimene mukuwerenga. Koma njira yogawa ili ndi ubwino wake, chifukwa zodula zambiri za pa malonda akunja zimawerengedwa pa mtengo wogulitsira. Ngati pali mkhalapakati amene anakupezerani wogula ndipo atenga 2 peresenti ya invoisi, mumangogawa ndi 0.83 m'malo mwa 0.85, ndipo gawo lake silidya phindu lanu. Pa thiraki yathuyi palibe mkhalapakati, choncho mtengo wafika madola 40,000, kapena kuti 1,333 pa tani.

Chishango cha pa reti

Mtengo umenewu ndi woona lero lokha. Ndalama idzafika patapita milungu yambiri, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. N'chifukwa chake wogulitsa wochenjera sawerengera reti ya lero. Amasankha reti yoipirapo kwa iye, n'kuwerenga ngati kuti tsiku lolandira ndalama zinthu zidzakhala choncho. Kwa munthu amene amalipira makwacha n'kulandira madola, reti yoipa ndi yotsika, pamene dola ikubweretsa makwacha ochepa.

Mayiyu asankha K1,600 m'malo mwa K1,700. Tsopano K51,000,000 ikhala madola 31,875. Madola 4,000 aja sawakhudza, chifukwa reti ilibe nawo ntchito. Kuika chishango pa zolipira za madola ndi kukweza mtengo pachabe. Masamu onse pamodzi ali motere:

```
51,000,000 / 1,600 = 31,875
31,875 + 4,000     = 35,875
35,875 / 0.85      = 42,206
42,206 / 30        = 1,407
```

Alemba madola 1,410 pa tani, ndipo invoisi yonse ikhala 42,300. Chishango chake ndi madola 2,300 amene ali pamwamba pa 40,000 uja.

Wowerenga wina afunsa kuti: kodi kwacha yathu inayamba yakwerapo liti? Ife timangoidziwa ikugwa. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 dola inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Nanga chishango cha reti yotsika n'chachiyani?

Mayankho alipo awiri. Loyamba n'lakuti ndalama zimakweradi, ndipo zimatero modzidzimutsa. Anzathu a ku Chipata akukumbukira chaka cha 2021, pamene dola inali pa makwacha a ku Zambia opitirira 22 pakati pa chaka, koma pofika Seputembala inali pafupifupi 16. Amene anali atagulitsa katundu m'madola n'kumadikira malipiro anangoona gawo lalikulu la ndalama yawo litasungunuka.

Yankho lachiwiri ndi limene limakhudza kwambiri wogulitsa wa mu Malawi. Nthawi zambiri reti ya ku banki imaima malo amodzi kwa miyezi yambiri, pamene ya pamsewu ikuthamanga. Mitengo ya matumba, matayala a galimoto, feteleza, ngakhale mtedza weniweniwo imatsatira ya pamsewuyo, makamaka mavenda odutsa malire akayamba kulimbirana mbewu m'midzi. Ndiye zolipira zanu zikukwera, koma dola yanu ku banki ikubweretsa makwacha omwe aja. M'thumba mwanu zimenezi n'chimodzimodzi ndi kukwera kwa kwacha. Onani: madola 31,875 aja pa reti ya K1,700 ndi K54,187,500. Ndiye kuti zolipira za makwacha zikhoza kukwera ndi K3,187,500, zomwe ndi 6 peresenti ndi pang'ono, phindu lija lisanayambe kudyeka. Chishango chimodzi chikutchinga mivi iwiri.

Pali nambala inanso imene mayiyu ayenera kuidziwa asanasainire: reti imene pansi pake ayamba kuluza. Achotse 4,000 pa 42,300, patsala 38,300. Agawe K51,000,000 ndi 38,300, apeza K1,332. Dola ikadzabweretsa makwacha ochepera pamenepo, mpamba wayamba kudyeka. Ikakhalabe pa K1,700, alandira K65,110,000, phindu lake n'kukhala K14,110,000.

Nanga kwacha ikagwa ndalama isanafike? Makwacha amabwera ochuluka ndithu, koma musafulumire kugula galimoto. Matani 33 a ulendo wotsatira adzagulidwa pa mtengo watsopano, dizilo ndi matumba nazo zidzakhala zitakwera. Phindu lenileni ndi limene latsala mutadzazanso shedi, osati nambala yaikulu ya mu akaunti.

Wogula akati, tchulani m'marandi

Wogula wa ku Joni angathe kunena kuti iye safuna za madola, mumupatse mtengo wa marandi. Pempholi likumveka laling'ono, koma likusamutsa ngozi kuchoka kwa iye kubwera kwa inu. Tinene kuti lero dola ili pa R18. Madola 1,410 ndi R25,380 pa tani, ndipo thiraki yonse ndi R761,400. Randi imasuntha tsiku lililonse, mosiyana ndi reti yathu ya ku banki. Ikadzafika pa R19.50 tsiku lolipira, R761,400 idzakhala madola 39,046 okha. Madola 3,254 apita, kuposa chishango chonse cha 2,300 chija.

Choncho mtengo wa marandi umafuna chishango chakechake. Apa reti yoipa ndi yokwera, pamene dola ikufuna marandi ambiri, ndiye mumawerengera R19 kapena kuposerapo m'malo mwa R18. Ngati wogula akukana, bwererani ku madola.

Chishango chikule bwanji?

Nambala yake sichokera m'mutu. Werengani masiku kuyambira tsiku lotumiza kotesheni mpaka tsiku limene ndalama idzalowe: masiku oti wogula avomere, olongedza, a panjira, ndi amene mwamupatsa kuti alipire. Ngati akukwana 60, yang'anani mmene reti ndi mitengo ya katundu wanu zinasunthira pa masiku 60 alionse m'chaka chapitachi, ndipo tengani kusuntha kumene kunali koipa kwambiri. Masiku akachuluka, chishango chimayenera kukula.

Koma chishango chili ndi malire, chifukwa wogula si inu nokha amene mwamutumizira mtengo. Ali ndi makotesheni a ku Mozambique, a ku Zambia, mwinanso a ku India ndi ku Argentina. Mukakweza kwambiri amangokhala chete. N'chifukwa chake njira yotchipa yodzitetezera ndi kufupikitsa masiku aja. Lembani pa kotesheni kuti mtengowu ugwira ntchito masiku 7 okha. Pemphani dipoziti, mwina theka, thiraki isananyamuke, chifukwa ndalama imene yalowa kale reti siingaikhudzenso. Musalonjeze mtengo wa katundu amene simunagule, pokhapokha ngati mwaikapo chishango chachikulu. Ngati n'kotheka, gwirizanani polemba kuti reti ikasuntha kupitirira 3 peresenti mtengo udzaunikidwanso. Mabanki ena amalolanso kugwirizana lero reti imene adzagulire madola anu tsiku lakutsogolo, ndipo n'koyenera kufunsa ngati banki yanu ingatero.

Kuwerenga chobwerera

Tiyerekeze kuti yankho labwera: madola 1,410 achuluka, iye angakwanitse 1,250. Mayiyu asavomere chifukwa choopa kutaya wogula, komanso asakane chifukwa cha mkwiyo. Atenge kakuletala n'kuyenda chobwerera. Matani 30 pa 1,250 ndi madola 37,500. Akapatula phindu la 15 peresenti patsala 31,875, ndipo akachotsa 4,000 a thiraki patsala 27,875. Pa reti yake ya K1,600, imeneyi ndi K44,600,000. Zolipira zonse za makwacha kupatula mtedza weniweniwo zinali K8,100,000, choncho yogulira mtedza yatsala K36,500,000. Kugawa ndi makilogalamu 33,000, apeza K1,106.

Nambala imeneyi ikumuuza zambiri. Pa mtengo wa wogulayu, mtedza uyenera kugulidwa pa K1,100 kapena kutsikirapo kuti phindu lonse ndi chishango zikhalepo. Iye anagula pa K1,300. Akavomera, pa reti ya K1,600 alandira K53,600,000, phindu la K2,600,000 lokha pa miyezi itatu ya ntchito, ndipo thiraki ikangochedwa masiku angapo pa chipata limenelo latha. Kufinya mlimi nako kuli ndi malire, chifukwa boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, ndipo mlimi amene mwamupondereza chaka chino adzagulitsa kwa venda wina chaka chamawa.

Zimene angasinthe ndi zina. Angachepetse zotayika pogula mtedza wouma bwino ndi wosankhidwa kale kwa alimi a m'makalabu, kuti asagule matani 33 pofuna 30. Angapemphe wogula kuti atumize thiraki yake, mtengo ukhale wa ku Lilongwe. Angavomere kutsitsa pang'ono posinthana ndi dipoziti yaikulu, popeza masiku akafupika chishango ndi chiwongola dzanja zimachepa. Ndipo ngati zonsezi zakanika, ayerekeze ndi mtengo wa kwa opanga chiponde a ku Kanengo kapena ku Limbe, amene alipira makwacha sabata yomweyo popanda thiraki ya ku Joni. Nthawi zina masamu amanena kuti mtedzawo ugulitsidwe konkuno, ndipo ndi bwino kumva zimenezi matumba akadali m'shedi.